Kagawidwe ka matipi ndi sevisi chaji m'malo odyera: maola, mapointi ndi malipiro a pamwezi

Malo odyera a m'mbali mwa msewu wa M1 ku Dedza ndi ku Ntcheu amadalira kwambiri anthu odutsa: apaulendo a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, madalaivala a mathiraki opita kapena ochokera ku Mozambique, ndiponso amabungwe obwera kudzachita misonkhano. Ena mwa makasitomala amenewa amasiya tipi akatha kudya, ndipo malo ena akuluakulu amawonjezera sevisi chaji pa bilu, kawirikawiri 10 peresenti ya mtengo wa chakudya. Ndalama ziwirizi anthu amakonda kuzitchulira pamodzi, koma njira zimene zimadzera n'zosiyana. Tipi ndi mphatso imene kasitomala amapereka mwa kufuna kwake, ndipo imayamba kufika m'manja mwa weta, pamene sevisi chaji imalembedwa pa bilu ndi eni malo, imalowa mu kauntala pamodzi ndi ndalama za chakudya, ndipo antchito saiona mpaka mwini malo ataitulutsa. N'chifukwa chake tipi ikasowa okayikiridwa amakhala maweta, koma sevisi chaji ikasowa wofunsidwa amakhala mwini malo.

Chifukwa chosonkhanitsira ndalamazi m'thumba limodzi n'chodziwikiratu. Kasitomala wosangalala ndi nkhuku ya lokolo ndi tchipisi cha kachewere amapereka tipi kwa amene wamubweretsera mbale, chonsecho wophika nkhukuyo ndi wotsuka mbaleyo sanawaone. Chovuta ndi kagawidwe kake, ndipo kuti nkhaniyi imveke bwino ndi bwino kuyerekeza malo amodzi n'kutsatira ndalama zake mpaka kumapeto.

Tiyerekeze malo odyera pa Boma la Dedza okhala ndi antchito 6, ndipo titenge mwezi wa Febuluwale wa masiku 28, umene uli ndi masabata 4 enieni. Lamulo la za ntchito la mu 2000 limanena kuti maola okhazikika asapitirire 48 pa sabata, choncho wogwira mwezi wonse amakhala ndi maola 192. Khukhi wamkulu, womuthandiza, weta woyamba ndi wotsuka mbale agwira maola 192 aliyense. Weta wachiwiri anali kumaliro ku Bembeke sabata yathunthu, ndipo wagwira maola 144. Palinso weta waganyu wobwera Loweruka ndi Lamulungu lokha, maola 8 pa tsiku, amene wakwanitsa maola 64. Maola a anthu onse pamodzi ndi 976. M'mweziwo chakudya ndi zakumwa zagulitsidwa K5,400,000 misonkho isanawonjezedwe, ndiye kuti sevisi chaji ya 10 peresenti ndi K540,000. M'bokosi la matipi mwapezeka K143,000, ndipo matipi otumizidwa pa Airtel Money ndi Mpamba akwana K51,000, koma pochotsa K2,000 yotapira patsala K49,000. Thumba lonse ndi K732,000.

Njira imene anthu amayamba kuiganizira ndi yogawana mofanana, K122,000 aliyense. Imatheka pokhapokha onse atagwira nthawi yofanana. Pamalo athuwa singapite patali, chifukwa waganyu wa maola 64 angalandire zofanana ndi munthu amene wakhala pamoto maola 192.

Njira ya maola imachotsa vuto limeneli. Thumba limagawidwa ndi maola onse kuti papezeke mtengo wa ola limodzi, ndipo K732,000 pa maola 976 ikupereka K750 pa ola. Aliyense wa anthu anayi amene agwira mwezi wonse alandira K144,000, weta wopita kumaliro alandira K108,000, waganyu K48,000. Ubwino wa njirayi ndi woti munthu aliyense atha kudziwerengera yekha pa foni yake, malinga ngati buku la maola likulembedwa moona. Koma khukhi wamkulu adzafunsa chifukwa chimene ola lake likulingana ndi la mnyamata amene wabwera mwezi watha kudzatsuka mbale, pamene chakudya chikapsa kapena chikachedwa wokalipiridwa ndi iye. Funso limeneli ndilo limabala mapointi.

Pa njira ya mapointi ntchito iliyonse imapatsidwa nambala yosonyeza kulemera kwake. Tinene kuti antchito ndi mwini malo agwirizana kuti khukhi wamkulu ali ndi mapointi 4, womuthandiza 3, weta aliyense 3, ndipo wotsuka mbale 2. Mapointi onse ndi 18. Malo ambiri amalekera pomwepa, kugawa thumba ndi 18 n'kuchulukitsa ndi mapointi a munthu, ndipo apa ndi pamene pamalowa cholakwa chachikulu. Pointi imodzi ikhala pafupifupi K40,667, weta aliyense alandira K122,000 kaya wagwira maola angati. Kwa weta woyamba zimenezi zikutanthauza pafupifupi K635 pa ola, pamene kwa waganyu zikutanthauza kupitirira K1,900 pa ola, ngakhale ntchito yawo ndi imodzimodzi. Mapointi paokha amayeza udindo koma saona nthawi, monga momwe maola paokha amaonera nthawi osayeza udindo.

Njira yokhalitsa ndi yophatikiza ziwirizi: mapointi a munthu achulukitsidwe ndi maola ake, zotsatira za anthu onse ziwonkhetsedwe, kenako thumba ligawidwe ndi nambala yopezekayo. Khukhi wamkulu ali ndi 4 kuchulukitsa ndi 192, zimene zikupereka 768. Womuthandiza ndi weta woyamba ali ndi 576 aliyense, weta wachiwiri 432, waganyu 192, wotsuka mbale 384. Zonse pamodzi ndi 2,928, ndipo K732,000 ikagawidwa ndi 2,928 ikupereka K250 pa pointi iliyonse pa ola. Khukhi wamkulu alandira K192,000, womuthandiza ndi weta woyamba K144,000 aliyense, weta wachiwiri K108,000, wotsuka mbale K96,000, waganyu K48,000. Ndalama zimenezi zikawonkhetsedwa zikubwerera ku K732,000 ndendende, ndipo kuwonkhetsa kumeneku kuyenera kuchitika mwezi uliwonse asanapereke ndalama kwa wina aliyense.

Woyang'anitsitsa aona kuti anthu anayi a mapointi 3 alandira zomwezomwezo zimene akanalandira pa njira ya maola okha. Chimene chasintha n'choti K48,000 yachoka kwa wotsuka mbale n'kupita kwa khukhi wamkulu, basi. Apa ndi poyenera kuima pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri samvetsa pokambirana za mapointi. Thumba silikula chifukwa chakuti wina wawonjezeredwa pointi. Pointi iliyonse imene munthu wapatsidwa imalipiridwa ndi anzake, ndipo wolipira kwambiri kawirikawiri amakhala amene malipiro ake a pamwezi ndi ochepa kale. Khukhi wamkulu amalandira kale malipiro okhazikika oposa a wotsuka mbale chifukwa cha luso lake, choncho mapointi otalikirana kwambiri amamulipira kawiri pa chifukwa chimodzi. Mwa kuona kwanga, pamalo aang'ono ngati awa wapamwamba asapose wapansi kupitirira kawiri, monga zilili pa 4 ndi 2. Kumene mapointi amayambira pa 1 kufika pa 10, wotsuka mbale amangolandira ya sopo, ndipo satenga nthawi asanayambe kufuna ntchito kwina.

Njira yabwino yoyesera mapointi asanavomerezedwe ndi kutenga thumba la mwezi wapita, kuligawa ndi mapointi atsopanowo pa pepala, n'kuonetsa aliyense ndalama imene akanalandira. Anthu amavomera msanga mawu akuti "awa 5, awa 2" pa msonkhano chifukwa manambala ake amaoneka aang'ono, koma maganizo amasintha akaona kusiyana kwake m'makwacha.

Nkhani ya manijala ndi yovutirapo. Ngati manijala amavala epuloni n'kumaperekera zakudya malo akadzaza, pali chifukwa chomuwerengera maola amenewo pa mapointi a weta. Koma munthu amene amalemba buku la maola, kusunga kiyi wa bokosi ndi kusankha mapointi a anzake sayenera kukhalanso ndi gawo lalikulu m'thumba lomwelo, pakuti akudziweruza yekha. Ku Amereka lamulo linasinthidwa mu 2018 kuti mamanijala ndi oyang'anira asamatenge matipi a antchito, ndipo ku Britain lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2024 limakakamiza eni malo kupereka matipi ndi sevisi chaji yonse kwa antchito ndiponso kukhala ndi ndondomeko yolembedwa ya kagawidwe. Malamulo amenewo ndi a kumeneko, koma mavuto amene anawachititsa ndi omwewo amene amapezeka pa Ntcheu.

Waganyu uja nayenso ali ndi dandaulo lomveka. Amabwera masiku amene malo amadzaza, ndipo ola lake la Loweruka masana silifanana ndi ola la Lachiwiri m'mawa pamene mvula ikugwa, weta atangotsamira kauntala. Tiyerekeze kuti pa K732,000 ija, K386,400 inalowa Loweruka ndi Lamulungu, ndiponso kuti antchito onse okhazikika amagwira masiku awiriwa n'kumapuma mkati mwa sabata. Mapointi ochulukitsa ndi maola a masiku amenewa okha ndi 1,104, ndipo pointi pa ola ikukwera kufika pa K350, pamene ya mkati mwa sabata ikutsika kufika pafupifupi K189. Thumba la kumathero a sabata likagawidwa palokha waganyu alandira K67,200 m'malo mwa K48,000. Kusiyana kwa K19,200 kumeneku sikuchokera ku maola ake kapena mapointi ake, koma ku tsiku limene thumba limatsekedwa.

Palibe yankho limodzi lokomera onse. Kutseka thumba tsiku ndi tsiku kumapereka ndalama kwa amene analipo pamene inalowa, koma kumayambitsa kulimbirana masiku abwino, ndipo wokonza ndandanda ya mashifiti amakhala ndi mphamvu yolanga munthu pongomuika pa masiku ouma. Kutseka pamwezi kumafafaniza kusiyanaku, koma kumapondereza aganyu. Komanso ntchito ina ya Lachisanu, monga kusenda mbatata ndi kukonza nyama, imabereka ndalama Loweruka, kotero kuti wogwira Lachisanu angamanidwe chimene wakhetsera thukuta. Pamene antchito onse amasinthana masiku mofanana, thumba la pamwezi kapena la pasabata ndi lokwanira. Pamene pali aganyu a kumathero a sabata okha, ndi bwino kukhala ndi matumba awiri, la masiku otanganidwa ndi la masiku ena, ngakhale kuti kulemba kumachuluka.

Pali vuto lina lodziwika bwino m'malo amene amalandira misonkhano. Bungwe likachita maphunziro a masiku atatu mu Febuluwale, nthawi zambiri sililipira pomwepo, limalandira invoisi n'kudzalipira mu Epulo. Sevisi chaji ya pa invoisi imeneyo ndi ya anthu amene anatumikira mu Febuluwale, koma ikangoponyedwa m'thumba la mwezi umene yafika imadyedwa ndi antchito a mu Epulo, kuphatikizapo amene angoyamba kumene, pamene weta amene anasiya ntchito mu Malichi sapeza kanthu. Chofunika ndi kusunga pepala la maola ndi mapointi la mwezi uliwonse, kuti ndalama yochedwa ikafika igawidwe ndi pepala la mwezi umene ntchito inagwiridwa. Mwini malo amene ali ndi mphamvu atha kuilipiriratu sevisi chajiyo n'kudzadzibwezera bungwe likalipira.

Tsopano gawo la munthu likadziwika, liyenera kuwonjezeredwa pa malipiro okhazikika, ndipo apa mpamene mwini malo wosakhulupirika amabisala. Tinene kuti weta woyamba analembedwa pa K150,000 pamwezi. Gawo lake la K144,000 likubwera pamwamba, ndipo zonse pamodzi ndi K294,000 msonkho usanachotsedwe. Lamulo la mu 2000 lija limafuna kuti wantchito azilandira pepala lofotokoza malipiro ake ndi zochotsedwa, ndipo pa pepala limeneli malipiro okhazikika, ovataimu ndi gawo la m'thumba ziyenera kukhala pa mizere yosiyana. Zikaphatikizidwa kukhala nambala imodzi palibe amene angadziwe ngati mwini malo watulutsadi K150,000 yake.

Chinyengo chofala ndi chotere. Mwini malo amauza weta kuti azilandira K200,000 pamwezi zonse pamodzi, kenako amatenga K144,000 ya m'thumba n'kungowonjezerapo K56,000 ya m'thumba mwake. Weta amaona ngati walandira zambiri, chonsecho makasitomala ndi amene alipira mbali yaikulu ya malipiro ake, ndipo mwini malo wapulumutsa K94,000 pa munthu mmodzi. Malipiro ochepetsetsa amene unduna wa za ntchito umalengeza ndi udindo wa wolemba ntchito, ndipo ndalama imene kasitomala wapereka pothokoza antchito siyenera kusandutsidwa chodzazira pamene mwini malo waperewera. Ku Britain kuwerengera matipi pa malipiro ochepetsetsa kunaletsedwa mu Okutobala 2009. Ku Amereka lamulo la dziko lonse limalola zimenezi, moti wantchito wa matipi atha kulipidwa madola 2.13 pa ola, nambala imene sinasinthe kuyambira mu 1991, ndipo zotsatira zake n'zoti moyo wa weta umadalira kwathunthu chifundo cha makasitomala. Kuno kumene thumba limafota m'miyezi ya mvula, pamenenso chimanga chimakwera mtengo, dongosolo lotere lingasiye munthu padzuwa nthawi imene akufunitsitsa ndalama.

Kulekanitsa mizereyi kuli ndi ntchito inanso, chifukwa zinthu zingapo zimawerengedwa kuchokera ku malipiro okhazikika. Ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa ola ndi theka pa ola lililonse, ndipo ya tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma imalipidwa kawiri. Kwa weta wa K150,000 pa maola 192, ola limodzi ndi pafupifupi K781, choncho ola la ovataimu wamba ndi pafupifupi K1,172, ndipo ndalama imeneyi imachokera kwa mwini malo, osati m'thumba la antchito. Pogawa thumba, ola la ovataimu liwerengedwe ngati ola limodzi basi, chifukwa likawerengedwa ngati ola ndi theka ndiye kuti anzake akulipira ngongole ya bwana. Za penshoni nazo, kumene wolemba ntchito amasonkha 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, zimafota malipiro okhazikika akalembedwa otsika, ngakhale munthu azipita kunyumba ndi ndalama yooneka yambiri. Mbali inayo, ndalama yodutsa m'buku la malipiro imakweza zonse zimene munthu wapeza m'mweziwo, ndipo weta amene malipiro ake okha sanali kufika podulidwa msonkho wa PAYE atha kuyamba kudulidwa m'mwezi umene thumba lanenepa. Ndi bwino antchito auzidwiretu zimenezi, kuti akaona ndalama yachepa asaganize kuti wina waba.

Zochotsa m'thumba lisanagawidwe ndi malo ena amene ndalama imatayikira. Ndalama yotapira pa foni, monga K2,000 ija, ili ndi umboni wake pa uthenga wa pa foni, ngakhale kuti mwini malo wabwino atha kuilipira yekha. Koma malo ena amachotsa za matambula osweka, za yunifomu, ngakhale za bilu ya kasitomala amene wathawa. Mbale kusweka ndi mbali ya bizinesi ya chakudya monga kugula makala, ndipo kuchotsa zimenezi m'thumba ndi kulanga anthu 6 pa dzanja la munthu mmodzi, kawirikawiri popanda wina woona kuti matambulawo anagulidwadi pa mtengo wotchulidwawo. Ngati mwini malo amasunga gawo lina la sevisi chaji, peresenti yake ilembedwe ndi kudziwika kwa onse, ndipo kasitomala amene akuwerenga bilu ali ndi ufulu wofunsa kumene ndalamayo imapita.

Kuti antchito adziwe ngati zinthu zikuyenda bwino safunika kuona mabuku onse a bizinesi. Akadziwa ndalama zonse zogulitsa za mwezi, atha kuona ngati sevisi chaji yolengezedwa ikufika pa 10 peresenti. Pamalo athuwa ikalengezedwa K400,000 m'malo mwa K540,000, pali K140,000 yofunika kufotokozedwa, ndipo yankho lake lingakhale ma invoisi osalipiridwa kapena china choipa. Pofananitsa azisamala kuti 10 peresentiyo ikuwerengedwa pa mtengo wa chakudya wokha, chifukwa msonkho wa VAT ndi msonkho wa za alendo umene umaoneka pa mabilu ena ndi ndalama za boma, si za m'thumba. Buku la maola nalo liziyang'aniridwa, pakuti mlamu wa mwini malo akalembedwa maola 192 pa mapointi 3 pamene amangobwera kudzacheza, mtengo wa pointi pa ola utsika kuchoka pa K250 kufika pafupifupi K209, ndipo weta woyamba ataya ndalama yoposa K23,000 osadziwa kumene yalowera.

Kumbali ya matipi a m'manja, chizindikiro cha vuto ndi bokosi limene likupepuka pamene makasitomala sakuchepa. Zikatero ndiye kuti ena akuika ndalama m'masokosi kapena akupereka nambala yawoyawo ya foni kwa makasitomala. Malo amene zimayenda bwino amakhala ndi bokosi la maloko awiri, kiyi wina kwa woimira a kukhitchini, wina kwa woimira maweta, ndipo limatsegulidwa potseka malo anthu awiriwo alipo, ndalama n'kulembedwa m'kope ndi kusainidwa. Nambala yolandirira matipi a pa foni imakhala imodzi yokha yolembedwa poonekera. Komabe maloko sathetsa zonse, chifukwa weta amene akukhulupirira kuti sevisi chaji ikudyedwa ku ofesi amadziona kuti ali ndi chifukwa chobisira tipi yake, ndipo bokosi limayamba kulemeranso pokhapokha pepala la kagawidwe, lokhala ndi thumba lonse, maola, mapointi ndi gawo la aliyense, litayamba kumatidwa kukhitchini mwezi uliwonse.

Mapointi, tsiku lotsekera thumba, zochotsa zololedwa ndi zochita ndi munthu wodwala kapena wopita kumaliro ziyenera kulembedwa pa pepala limodzi losainidwa ndi onse, ndipo wobwera kumene aliwerenge tsiku loyamba. Pa chitsanzo chathu weta wachiwiri wataya K36,000 chifukwa cha sabata ya maliro, ndipo antchito ena amasankha kuti masiku angapo a maliro a wachibale wapafupi aziwerengedwa ngati ogwiridwa, podziwa kuti mawa zidzagwera wina. Zimenezi n'zotheka malinga ngati zagwirizanidwa maliro asanachitike, pakuti zikakambidwa munthu atabwerera kale zimaoneka ngati kukondera. Mkangano ukakula mpaka kukhudza malipiro okhazikika, ovataimu kapena zochotsedwa, wodandaula amayambira ku ofesi ya za ntchito ya pa boma, ku Dedza kapena ku Ntcheu, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la za ntchito. Kumalo onse awiriwa chimene chimamuthandiza munthu ndi mapepala a malipiro ndi kope la maola, choncho wantchito aliyense azisunga ake ndiponso azilemba maola ake payekha tsiku lililonse.